Gerardus Mercator, mwana wa wosoka nsapato amene mapu ake ali m'foni yanu

Tsegulani mapu a m'foni kapena a pakompyuta, muchepetse chithunzicho mpaka mayiko ambiri aoneke pamodzi, kenaka muyerekeze Malawi ndi chilumba cha Iceland chomwe chili kumpoto kwenikweni kwa nyanja ya Atlantic. Pa mapu ophwatalala a pa intaneti, Iceland imaoneka yaikulu koposa kanayi kuyerekeza ndi Malawi. Koma zoona zake n'zakuti Malawi ndiye wamkulu: ali ndi masikweyakilomita pafupifupi 118,000 pamene Iceland ili ndi pafupifupi 103,000. Foni yanu siinawonongeke ayi. Ikungotsatira njira yoyalira dziko papepala imene munthu wina adaikonza m'chaka cha 1569, ndipo adachita dala, akudziwa bwino lomwe chimene akupindula ndi chimene akutaya.

Munthuyo ndi Gerardus Mercator. Adabadwa pa 5 Marichi 1512 m'tauni yaing'ono ya Rupelmonde, pafupi ndi mzinda wa Antwerp, m'dera la Flanders lomwe lero lili m'dziko la Belgium. Dzina lake la kubanja lidali Kremer. Bambo ake, a Hubert, adali wosoka nsapato wosauka, ndipo iye adali mwana wachisanu ndi chiwiri m'banjamo. Bamboyo atamwalira mu 1526, amene adanyamula udindo wa mnyamatayu ndi mbale wa bambo ake, wansembe wotchedwa Gisbert, yemwe adamutumiza kusukulu yotchuka ya mumzinda wa 's-Hertogenbosch. Ophunzira a nthawi imeneyo ankakonda kusandutsa maina awo kukhala a Chilatini. Kremer amatanthauza wamalonda, ndipo wamalonda pa Chilatini ndi Mercator.

Mu 1530 adalowa yunivesite ya Leuven, ndipo adamaliza digiri yake mu 1532. Adakhalako kanthawi ku Antwerp, koma pofika 1534 adabwerera ku Leuven n'kuyamba kuphunzira masamu ndi za nyenyezi kwa katswiri wina, Gemma Frisius, yemwenso adali sing'anga. Pa nthawi yomweyo ankaphunzira ntchito ya manja kwa mmisiri wosula golide, Gaspard van der Heyden: kupanga zida zoyezera za mkuwa ndiponso kuzokota zilembo ndi mizere pa mbale za kopa zosindikizira. Mapu a masiku amenewo ankazokotedwa chagada pa kopa, chilembo chilichonse chotembenuka ngati cha pakalilole, kuti chikadindidwa papepala chiwerengeke bwino. Dzanja la Mercator lidali labwino zedi pa ntchitoyi, moti mu 1540 adatulutsa kabuku kophunzitsa kalembedwe kopendekeka, komwe kamalola maina ambiri kukwana pamalo ochepa koma n'kumawerengekabe.

Atatuwa adapangira limodzi gulobu, kutanthauza mpira wojambulidwa dziko lonse, mu 1536. Chaka chomwecho Mercator adakwatira Barbara Schellekens, ndipo adabereka naye ana asanu ndi mmodzi. Kenaka adayamba kutulutsa ntchito zakezake: mapu a Palestina mu 1537, mapu a dziko lonse ooneka ngati mitima iwiri mu 1538, mapu a Flanders mu 1540, ndi gulobu yakeyake mu 1541. Pa gulobu ya 1541 adajambulapo mizere ina yokhotakhota imene tiifotokoze posachedwa, chifukwa ndiyo idali mbewu ya ntchito yake yaikulu.

Moyo wake udatsala pang'ono kuthera panjira mu 1544. Idali nthawi ya mikangano ya chipembedzo, ndipo akuluakulu ankasaka anthu oganiziridwa kuti akutsatira ziphunzitso za Martin Luther. Dzina la Mercator lidapezeka pamndandanda. Pomwe ankamufuna ku Leuven n'kuti iye atapita kwawo ku Rupelmonde kukalongosola za chuma cha malemu Gisbert, ndipo kusapezeka kwakeko kudatengedwa ngati kuthawa. Adamangidwa n'kutsekeredwa m'linga la m'tauni yomwe adabadwiramo kwa miyezi isanu ndi iwiri. Ena mwa amene adagwidwa nthawi imeneyo adaphedwa mwankhanza, ena kuwotchedwa, amayi awiri kukwiriridwa amoyo. Iye adatulutsidwa umboni utasowa, anzake a kuyunivesite atamuchonderera. Mu 1552 adasamuka ndi banja lake kupita ku Duisburg, m'dziko lomwe lero ndi Germany, kudera komwe nkhani za chipembedzo zinkatengedwa mofatsirapo. Kumeneko ndi kumene adakhala mpaka imfa yake.

Ku Duisburg adatulutsa mapu a Ulaya mu 1554, omwe adamutchukitsa kwambiri. Mwa zina adafupikitsa nyanja ya Mediterranean, yomwe kuyambira nthawi ya Ptolemy inkajambulidwa yotalika madigiri 62, n'kuibweretsa pa madigiri 53. Idali ikadali yaitali kuposa mmene ililidi, koma kusuntha chinthu chimene akatswiri adachikhulupirira kwa zaka zoposa chikwi si nkhani yamasewera. Mu 1564 adapatsidwa udindo wokhala katswiri wa za mapu wa mfumu ya deralo, Wilhelm wa ku Cleves.

Tsopano tifike pa vuto limene linkamudya mutu. Tengani lalanje losenda. Mizere yolekanitsa zigawo zake imatalikirana pakati pa lalanje, koma imakakumana kumwamba ndi kunsi. Dziko nalonso timaligawa chimodzimodzi ndi mizere ya longichudi, yochokera kunsonga ya kumpoto kukafika kunsonga ya kummwera. Mizere ina, ya latichudi, imazungulira dziko mopingasa ngati malamba. Lamba wamkulu koposa ndi ikweta, wotalika makilomita 40,075, ndipo malamba enawo amanka nafupika mukamayandikira kunsonga. Pa ikweta, digiri imodzi ya longichudi ndi mtunda wa makilomita pafupifupi 111. Pa latichudi 60, komwe kuli mizinda ngati Oslo ndi Helsinki, digiri yomweyo ndi theka chabe, makilomita osakwana 56. Koma digiri ya latichudi, yoyenda chakumpoto kapena chakummwera, imakhalabe pafupifupi makilomita 111 kulikonse.

Amalinyero ambiri a nthawi ya Mercator ankagwiritsa ntchito mapu amene mizere yonseyi idajambulidwa ngati timabokosi tofanana, ngati pepala la m'kope la masamu. Pa mapu otero mizere ya longichudi sikumana, imangoima chilili motalikirana mofanana. Ndiye kuti pa latichudi 60 dziko lakokedwa kawiri m'mbali, koma silidakokedwe m'litali. Taonani zotsatira zake. Chombo chili pa latichudi 60 chayenda molunjika pakatikati pa kumpoto ndi kummawa, pa madigiri 45 a kampasi, mpaka chasuntha makilomita 111 chakumpoto ndi makilomita 111 chakummawa. Pa mapu a timabokosi aja, ulendowu ndi bokosi limodzi chokwera ndi mabokosi pafupifupi awiri cham'mbali. Mukayeza ngodya ya mzere umenewo papepala mupeza madigiri pafupifupi 63, osati 45. Woyendetsa chombo amene angakhulupirire pepalalo n'kuwongolera chombo chake pa 63 akafika kwina.

Chimene mlinyero amafuna n'chosavuta kunena. Amafuna kuyika kampasi pa ngodya imodzi n'kuisunga usana ndi usiku. Njira yodula mizere yonse ya longichudi pa ngodya imodzimodzi, katswiri wa ku Portugal Pedro Nunes adali ataonetsa kale mu 1537 kuti siyowongoka pa dziko lobulungira: imakhota pang'onopang'ono ngati chigoba cha nkhono kulowera kunsonga. Imeneyi ndiyo mizere ija Mercator adajambula pa gulobu ya 1541. Koma gulobu siyalidwa patebulo, ndipo rula siigwira pa chinthu chobulungira. Pankafunika pepala limene njira yokhota ija izioneka yowongoka.

Yankho lake lidatuluka mu 1569, pa mapu aakulu a dziko lonse osindikizidwa pa mapepala 18, omwe akalumikizidwa amakwana pafupifupi mamita awiri m'lifupi ndi mita imodzi ndi masentimita 24 m'litali. Mutu wa mapuwo, wa Chilatini, udanena poyera kuti adakonzedwera oyenda panyanja. Ganizo lake lidali ili: ngati sitingapewe kukoka dziko m'mbali, tiyeni tilikokenso m'litali ndi muyeso womwewo, pamalo aliwonse. Pa latichudi 60, pamene dziko lakokedwa kawiri m'mbali, likokedwenso kawiri chokwera. Zikatero ulendo uja umakhala wofanana chokwera ndi cham'mbali, ndipo ngodya yake imabwerera pa 45. Aliyense amene adakokapo nsalu yotamuka yokhala ndi maluwa akudziwa izi: mukaikoka mbali imodzi duwa limaphwatalala, koma mukaikoka mofanana mbali zonse duwa limangokula, maonekedwe ake osasintha.

N'chifukwa chake pa mapu a Mercator mizere ya latichudi imanka nitalikirana mukamachoka pa ikweta. Mpata wa pakati pa latichudi 70 ndi 80 ndi wotalika pafupifupi kanayi kuposa mpata wa pakati pa ikweta ndi latichudi 10, chikhalirecho padziko penipeni mipata iwiriyi ndi yofanana. Ndipo nsonga zenizenizo sizingajambulidwe n'komwe, chifukwa kumeneko lamba wa latichudi wasanduka kadontho, ndipo kukoka kadontho kuti katalike ngati ikweta kulibe malire. Mercator adadula mapu ake cha pa latichudi 80 kumpoto, n'kujambula chigawo cha kunsonga padera m'kabwalo ka pangodya. Zimene adajambula m'kabwalomo, zilumba zinayi zozungulira thanthwe lalikulu, zidachokera m'nkhani zakale za apaulendo ndipo kulibeko. Kummwera adaikako chimtunda chachikulu chongoganizira. Iye sadali munthu woyenda panyanja. Zambiri ankazitola m'mabuku, m'mapu a ena ndi m'makalata amene ankalemberana ndi akatswiri a mayiko osiyanasiyana.

Mtengo wa nzeru imeneyi ndi sikelo. Pa mapu a dera laling'ono, sikelo ndi nambala imodzi. Mapu a boma olembedwa 1:50,000 amatanthauza kuti sentimita imodzi papepala ndi masentimita 50,000 pansi, omwe ndi mamita 500, ndipo zimenezi zimagwira pepala lonselo. Pa mapu a Mercator a dziko lonse, nambala imodzi yotero kulibe. Sikelo yolembedwa imakhala yoona pa ikweta pokha, ndipo kwina konse zinthu zakuzidwa ndi muyeso umene amasamu amaulemba chonchi, pomwe φ ndi latichudi ya malowo:

```
k = 1 / cos(φ)
```

Pa ikweta k ndi 1. Ku Lilongwe, pa latichudi pafupifupi 14 kummwera, ndi 1.03. Ku Johannesburg ndi 1.11, ku London 1.61, pa latichudi 60 ndi 2, ndipo pa latichudi 80 wafika 5.76. Popeza kukokako kumachitika m'mbali ndi m'litali momwe, kukula kwa malo kumachulukitsidwa ndi k kawiri. Pakati pa Iceland, pa latichudi 65, k ndi pafupifupi 2.4, choncho chilumbacho chimatupa koposa kasanu, pamene Malawi amangotupa ndi 6 peresenti. Nkhani yotchuka ya Greenland, yomwe imaoneka ngati ikulingana ndi Africa pamene Africa ndi yaikulu pafupifupi ka 14, gwero lake ndi lomweli.

Ena amamunena Mercator kuti adachepetsa Africa. Kudandaula kwawo n'komveka, chifukwa mibadwo ya ana asukulu idakula ikuona mapu amenewa pakhoma ngati chithunzi chenicheni cha dziko. Koma ine ndimaona kuti mlanduwo ukuyenera amene adapachika chida cha amalinyero m'kalasi. Mwiniwake adalemba pa mapu pomwepo kuti watalikitsa madigiri a latichudi mwadala, ndipo adaikapo malangizo ndi chojambula chapadera chothandiza kupeza mtunda weniweni pakati pa malo awiri. Mpaka lero woyendetsa chombo sayeza mtunda ndi sikelo ya pansi pa mapu. Amatenga mpata wa pakati pa malo awiri n'kukauyerekeza ndi manambala a latichudi a m'mphepete mwa pepala, moyang'anizana ndi pamene chombo chili, podziwa kuti mphindi imodzi ya latichudi ndi mayilosi imodzi ya panyanja, mamita 1,852. Akatengera m'munsi kapena m'mwamba mwa pepala, yankho limalakwika.

Pali chinanso chimene mapuwa amabisa. Mzere wowongoka pa mapu a Mercator ndi njira yosavuta kutsatira ndi kampasi, koma nthawi zambiri si njira yaifupi koposa. Pa maulendo aatali a kutali ndi ikweta, njira yaifupi imaoneka yokhota chopita kunsonga. Ndicho chifukwa chake ndege yochoka ku London kupita ku Los Angeles imadutsa cha ku Greenland.

Amalinyero sadawathamangire mapu atsopanowa. Mercator sadasiye ndondomeko ya manambala yoti wina atsatire pojambula mapu ake, ndipo masamu ofotokoza bwino mipata ya mizere ija adali asadatulukiridwe. Komanso kunyanja kunalibe njira yodalirika yodziwira longichudi, ndipo kampasi simaloza kumpoto kwenikweni. Iye mwini maganizo ake adali atapita ku ntchito ina yaikulu, yofotokoza chilengedwe chonse ndi mbiri yake. Mu 1569 momwemo adatulutsa buku la ndondomeko ya zaka za mbiri ya dziko, mu 1578 adatulutsa mapu a Ptolemy okonzedwanso, ndipo mu 1585 ndi 1589 adatulutsa zigawo za buku la mapu amakono a mayiko a ku Ulaya.

Zaka zake zomaliza zidali za maliro ndi matenda. Mwana wake Bartholomeus adamwalira mu 1568, mkazi wake Barbara mu 1586, ndipo mwana wake woyamba Arnold mu 1587. Adakwatiranso mu 1589, koma mu 1590 adadwala sitiroko yomwe idapha ziwalo za mbali ya kumanzere. Kwa munthu amene moyo wake wonse udadalira dzanja lokhazikika ndi diso lakuthwa, kumeneko kudali kutha kwa ntchito yozokota, ngakhale adalimbikirabe kumaliza zolemba zake. Adamwalira pa 2 Disembala 1594 ali ndi zaka 82, ndipo adaikidwa m'tchalitchi cha Salvator ku Duisburg. Chaka chotsatira mwana wake Rumold adasindikiza buku lonse la mapu lija ndi dzina limene bambo ake adasankha, Atlas. Kuchokera pamenepo buku lililonse la mapu timalitcha atilasi.

Mpata umene adasiya adautseka ndi Mngelezi Edward Wright mu 1599. Wright adawerengera muyeso uja wa k pa kachidutswa kalikonse kakang'ono ka latichudi, n'kumaphatikiza chimodzichimodzi kuchokera pa ikweta, mpaka adapanga ndandanda yonena pamene mzere uliwonse uyenera kukhala. Cha m'ma 1645 Henry Bond adazindikira kuti manambalawo akufanana ndi a ndandanda ina ya malogarithimu, ndipo umboni wa masamu udabwera mu 1668 kuchokera kwa James Gregory. Pang'ono ndi pang'ono mapu ambiri a panyanja adatsata njira ya Mercator.

Nanga zidalowa bwanji m'foni? Pamene makampani ankayamba kuika mapu pa intaneti, monga Google Maps yomwe idayamba mu 2005, ankafuna njira imodzi yogwira dziko lonse, imene kumpoto kuzikhala kumwamba nthawi zonse, ndipo mphambano ya misewu yokumana mowongoka izioneka yowongoka kaya ndi ku Zomba kaya ku Stockholm. Zimenezi ndi zomwe njira ya Mercator imachita bwino. Adaidula pa latichudi 85.05 kumpoto ndi kummwera, chifukwa pamenepo kutalika kwa mapu kumafanana ndendende ndi kufupika kwake, dziko n'kukhala sikweya. M'mapulogalamu a mapu njirayi mudzaipeza ndi dzina lakuti Web Mercator kapena nambala yakuti EPSG:3857.

Sikweya ija ndiyo maziko a zumu, kuyandikitsa ndi kutalikitsa kumene mumachita ndi zala ziwiri. Pa zumu 0 dziko lonse ndi kachithunzi kamodzi ka mapikiselo 256 m'mbali ndi 256 m'litali; pikiselo ndi kadontho kamodzi ka chithunzi cha pasikirini. Gawani makilomita 40,075 a ikweta ndi 256, mupeza kuti kadontho kamodzi kakuimira mamita pafupifupi 156,543. Pa zumu 1 kachithunzi kaja kagawidwa panayi, kalikonse n'kukhalanso ka 256, choncho kadontho kakuimira theka la mtunda uja. Pa zumu 2 tizithunzi tilipo 16, ndipo zimapitirira choncho, sitepe iliyonse ikudula mtunda wa kadontho pakati. Koma nambala imeneyi ndi ya pa ikweta. Kwina konse dziko lakokedwa, ndiye kuti kadontho kakuphimba malo ochepa. Ngati z ndi zumu, mamita a pa pikiselo imodzi ndi awa:

```
156543.03 × cos(φ) / 2^z
```

Tiyeni tiyese. Pa zumu 12, pomwe mzinda ndi madera ouzungulira zimaoneka bwino, timagawa 156,543 ndi 4,096 n'kupeza mamita 38.2 pa ikweta. Ku Lilongwe tichulukitsa ndi 0.970, zomwe zikupereka mamita 37.1. Ku London tichulukitsa ndi 0.6225, zomwe zikupereka mamita 23.8. Tsono jambulani mzere wa mapikiselo 200 pasikirini. Pa ikweta mzerewo ndi makilomita 7.6, ku Lilongwe ndi makilomita 7.4, ku London ndi makilomita osakwana 4.8. Zumu ndi imodzi, foni ndi imodzi, kutalika kwa mzere pagalasi n'kumodzi, koma mitunda ndi itatu yosiyana. M'bale wanu wa ku Britain akakutumizirani chithunzi cha mapu a dera lake ndipo inu n'kuchiyerekeza ndi cha kwanu pa zumu yomweyo, dera lakelo lidzaoneka lotakasuka kuposa mmene lilili.

Mungathe kudzionera nokha popanda masamu. Pezani kamzere ka sikelo komwe kamakhala pangodya ya mapu, ndipo osasintha zumu, kokerani mapuwo kuchoka kuno kulowera kumpoto kwa Ulaya. Muona kamzereko kakutalika kapena nambala yake ikusintha. Pulogalamuyo ikuwerengeranso sikelo malinga ndi latichudi imene ili pasikirini. Ndiye kuti dziko lonse likamaoneka nthawi imodzi, kamzereko n'koona pa lamba mmodzi yekha, ndipo simungakagwiritse ntchito kuyeza kumtunda kapena kumunsi kwa chithunzi. Chenjeraninso ndi sikelo yolembedwa ngati 1:50,000 pasikirini. Nambala yotero imadalira kukula kwenikweni kwa kadontho pagalasi, komwe kumasiyana pakati pa foni ndi kompyuta, ndipo mukajambula sikirini n'kukulitsa chithunzicho posindikiza, nambalayo yafa. Kamzere ka sikelo ndiko kamapulumuka, chifukwa kamakula limodzi ndi chithunzi.

Kuno kwathu tili ndi mwayi wokhala pafupi ndi ikweta, koma kusiyanako kulipo ndithu. Ku Karonga, pa latichudi pafupifupi 10, mtunda umatupa ndi 1.5 peresenti; ku Nsanje, pa latichudi pafupifupi 17, umatupa ndi pafupifupi 4.6 peresenti. Kwa munthu wofuna kudziwa njira ya kumsika zimenezi zilibe kanthu, ndipo chida choyezera mtunda cha m'mapulogalamu odziwika chimawerengera pa dziko lobulungira, osati pa chithunzi, kotero yankho lake limakhala labwino. Vuto limabwera pamene munthu wayeza yekha pa chithunzi, kapena walamula kompyuta kuwerengera mu manambala a EPSG:3857, omwe nawonso amatchedwa mamita ngakhale ali mamita okokedwa.

Tiyerekeze kuti wogwira ntchito za umoyo kuchigwa cha Shire akufuna kudziwa midzi imene ili mkati mwa makilomita 8 kuchokera pachipatala chaching'ono, kuti yakunja kwake aiganizire za sikelo yoyendera. Watsegula mapu mu pulogalamu ya QGIS, malo ake ali mu EPSG:3857, ndipo walamula kuti pajambulidwe bwalo la mamita 8,000. Pa latichudi 17, cos ndi 0.956, choncho bwalolo pansi penipeni lafika makilomita pafupifupi 7.65 okha. Kuzungulira konse kwatsala lamba wa mamita oposa 300, ndipo midzi ya mu lamba ameneyo yawerengedwa kuti ili kunja pamene ili mkati. Akayeza kukula kwa dera, cholakwikacho chimafika pafupifupi 9 peresenti, ndipo chilichonse chowerengedwa pa sikweyakilomita chimatsika ndi muyeso womwewo. Njira yodziwira n'njosavuta: yezani mtunda umodzi kawiri ndi chida choyezera, koyamba mutasankha Cartesian, kachiwiri Ellipsoidal. Mayankho akasiyana ndi maperesenti angapo, ndiye kuti mwakhala mukuyeza pa nsalu yokokedwa.

Mankhwala ake ndi kusamutsira malowo mu njira yokonzedwera dera laling'ono. Malawi yense akukwana m'chigawo 36 cha kummwera cha ndondomeko ya UTM, chomwe chili pakati pa longichudi 30 ndi 36 kummawa, ndipo nambala yake ndi EPSG:32736. Mkati mwa chigawo chimenechi mtunda sulakwika kuposa mita imodzi pa kilomita. Chilembo M mu UTM chikuimira Mercator yemweyo. Mu 1772 Johann Heinrich Lambert adatenga ganizo la 1569 n'kuligoneka cham'mbali, kuti mzere wosakokedwa usakhalenso ikweta koma mzere wa longichudi wodutsa pafupi ndi dera limene mukuyeza. Wa chigawo chathu ndi longichudi 33, womwe umadutsa chakumadzulo kwa Lilongwe, cha ku Mchinji.